Kuwerengera chuma chenicheni cha banja chaka ndi chaka

Chuma chenicheni cha banja ndi ndalama zomwe zingatsale banjalo litagulitsa zonse zomwe lili nazo n'kubweza ngongole zake zonse. Pochiwerengera, mbali imodzi ya tsamba amalembapo katundu ndi ndalama zomwe banja lili nazo, mbali inayo n'kulembapo zomwe liyenera kubweza, kenako amachotsera. Malipiro a pamwezi salowa m'kaundulayu ngakhale atakhala ochuluka bwanji, chifukwa amabwera n'kupita. Chomwe chimalembedwa ndi chomwe chilipo pa tsiku lowerengeralo.

Tsikulo liyenera kukhala limodzimodzi chaka chilichonse, ndipo kuno kwathu zimenezi si nkhani yaing'ono. Banja lowerengera mu June, chimanga chili m'matumba ndiponso soya kapena mtedza zitangogulitsidwa, limaoneka lopeza bwino. Banja lomwelo likawerengera mu February, feteleza atagulidwa, fizi italipidwa ndipo chimanga chikutha, limaoneka losauka. Kuyerekeza June wa chaka china ndi February wa chaka chotsatira kumangosonyeza kusiyana kwa nyengo. Choncho banja limasankha tsiku limodzi, tinene 30 June, n'kukhala nalo mpaka kalekale.

Katundu amagawidwa molingana ndi changu chomwe angasandukire ndalama. Pamwamba pamabwera ndalama zapafupi: za m'manja, za pa Airtel Money kapena TNM Mpamba, ndi za mu akaunti ya kubanki. Kenako pamabwera zosungidwa zomwe sizingatengedwe tsiku lomwelo, monga masheya a ku banki m'khonde omwe amadikira tsiku logawana, ndalama za ku SACCO, kapena masheya a makampani a pa Malawi Stock Exchange. Penshoni imakhala ndi mzere wakewake, chifukwa ndi ya wantchito ndithu koma sangaitape mmene wafunira. Ndalama yake ikopedwe pa chikalata chochokera ku kampani yosunga penshoniyo, osati yongoganizira, popeza mabwana ena amadula ndalama pa malipiro koma osazipereka. Pansi pa zonsezi pamabwera katundu wogwirika: puloti, nyumba, njinga yamoto, ziweto, zokolola ndi katundu wa bizinesi.

Povuta kwambiri ndi poika mtengo pa katundu wogwirikayu. Mtengo woyenera ndi umene munthu wina angapereke lero, osati umene mwini wake anagulira, ndiponso osati umene mtima wake ukulakalaka. Njinga yamoto yogulidwa K2,500,000 ikakhala itayenda zaka ziwiri m'misewu yafumbi, amaifunsira kwa anthu ogula ndi kugulitsa njinga zoyendapo kale, ndipo yankho likakhala K1,500,000, yomweyo ndiyo imalembedwa. Mbuzi zimatsata mtengo wa pamsika wapafupi. Katundu wa mu okala amawerengedwa pa mtengo woodera, chifukwa phindu lake silinapezeke. Za puloti, mwini wake amve mitengo yomwe mapuloti oyandikana nawo anagulitsidwadi. Mitengo yomwe eni mapuloti amangotchula poyamba imakhala yokwera, ndipo pakakhala mitengo iwiri yosiyana ndi bwino kutenga yotsika.

Pali zinthu zina zomwe ndi bwino kuzisiya kunja. Munda wa makolo umene banja limalima koma silingaugulitse popanda chilolezo cha abale ndi mfumu ndi wofunika kwambiri pa moyo wa banjalo, komabe suli ndi mtengo womwe banjalo lingaulandire lokha. Chimodzimodzi nyumba yomangidwa pamalo a ku chikamwini: njerwa ndi malata anagula ndi mkamwini, koma kugulitsa nyumbayo si nkhani yake yekha. Zoterezi zikhoza kutchulidwa m'munsi mwa tsamba popanda ndalama. Mipando, mbale, zovala ndi wailesi yakanema zimangotupitsa kaundula, chifukwa zikapita pamsika zimagulidwa motchipa kwambiri. Ndalama zomwe ena anakongola kubanjako zimalembedwa pokhapokha ngati pali chiyembekezo chenicheni chakuti zibwera. Ngongole ya msuweni ya zaka zitatu zapitazo, yomwe ngakhale moni wake anasiya kuyankha pa foni, isawerengedwe.

Ku mbali ya ngongole ndi kumene anthu ambiri amadzinamiza, mwina mosadziwa. Amakumbukira ngongole ya kubanki chifukwa ili ndi mapepala, n'kuiwala fizi yotsalira kusukulu, lendi ya miyezi iwiri, bilu ya madzi, katundu wotenga pa ngongole kwa woodetsa, ndi ndalama zobwereka kwa mlamu. Zonsezi ndi ngongole. Chimene chimalembedwa ndi ndalama yomwe ingafunike kuti ngongoleyo ithe pa tsiku lowerengeralo, kuphatikizapo chiwongoladzanja chomwe chaunjikana kale. Amazigawa pawiri: zoyenera kubwezedwa chaka chisanathe, ndi za nthawi yaitali. Ngati mmodzi wa m'banjamo anasainira mnzake ngongole ku SACCO, zimenezo zilembedwenso m'munsi, chifukwa mnzakeyo akalephera, ndalama za wosainirayo ndizo zimagwidwa. Apa m'pofunika kuti mwamuna ndi mkazi akhale pamodzi polemba. Kaundula wolemba munthu mmodzi amasowa ngongole zomwe winayo sanaulule.

Chitsanzo chongopeka cha banja lina la m'tauni chingaonetse mmene zonsezi zimakhalira. Bambo ndi kalaliki pa kampani ina, mayi ali ndi okala. Pa 30 June ali ndi K85,000 m'manja ndi pa foni, komanso K215,000 kubanki, kutanthauza K300,000 yapafupi. Ku banki m'khonde kuli masheya a K250,000 ndipo ku SACCO kuli K450,000. Chikalata cha penshoni chikusonyeza K2,000,000. Puloti yawo, yomwe ili ndi nyumba yosafoleredwa, aiika pa K9,000,000, njinga yamoto pa K1,500,000, mbuzi zisanu pa K400,000, matumba khumi a chimanga pa K400,000, ndipo katundu wa mu okala ndi wa K700,000. Zonse pamodzi zikukwana K15,000,000.

Ngongole zawo ndi K1,800,000 yotsala ku SACCO, yomwe anagulira njerwa ndi simenti, K220,000 ya ku banki m'khonde pamodzi ndi chiwongoladzanja chake, fizi ya K150,000, K300,000 ya mlamu ndi K130,000 ya woodetsa katundu. Zonse ndi K2,600,000. Kuchotsa ndalamayi pa K15,000,000 kukusiya K12,400,000, chomwe ndi chuma chenicheni cha banjali.

Ndalama imeneyi ndi yosangalatsa kuiona, koma tsamba lomwelo likunenanso zina. Ngongole zofunika kubwezedwa posachedwa, kupatula ya ku SACCO, zikukwana K800,000, pamene ndalama zapafupi ndi K300,000 yokha. K11,000,000 ya chuma chawo ili mu puloti ndi mu penshoni, zomwe sizingalipire fizi sabata yamawa. Banja lotere likagwa m'matenda kapena maliro, limagulitsa mbuzi kapena kuthamangira ku katapila, ngakhale kuti pa pepala ndi la mamiliyoni. Ichi ndi chifukwa chake katundu amagawidwa m'magulu m'malo mongomuphatikiza.

Phindu lalikulu la kaundulayu limayamba kuoneka m'chaka chachiwiri. Pa 30 June wotsatira banja lija likupeza K15,100,000, ndiye kuti lakwera ndi K2,700,000. Funso lofunika ndi lakuti ndalamayi yachokera kuti, ndipo yankho limapezeka poyerekeza mzere ndi mzere. Puloti yakwera ndi K2,000,000 popanda kuwonjezerapo ngakhale lata limodzi, chifukwa malo akwera mtengo m'dera lonselo. Penshoni yawonjezeka ndi K600,000. Ngongole ya ku SACCO yatsika ndi K700,000. Mbali ina, njinga yatsika ndi K200,000, mbuzi ziwiri za K160,000 zinagulitsidwa kuti mwana alowe m'kalasi, ndipo pabwera mzere watsopano: katapila wa K240,000. Mizere ina yonse ili pafupifupi momwe inalili.

Puloti ndi penshoni zikaikidwa pambali, zomwe zatsala ndi K700,000 kuchotsapo K200,000, K160,000 ndi K240,000, ndiye kuti K100,000 basi. Umu ndi momwe banjali lasunthira ndi ndalama zodutsa m'manja mwake. Chodetsa nkhawa kwambiri ndi chakuti mbali ina ya ngongole ya ku SACCO, yomwe chiwongoladzanja chake ndi chotsikirapo, yasinthanitsidwa ndi ya katapila, yomwe imakula mwezi ndi mwezi mofulumira kuposa ina iliyonse pa tsambalo. Munthu wongoyang'ana ndalama yomaliza sangazione zimenezi, ndipo akhoza kupitiriza chomwecho zaka zingapo akuganiza kuti zinthu zikuyenda.

Palinso nkhani ya mphamvu ya kwacha. Mu May 2022 kwacha inatsitsidwa mphamvu ndi 25 peresenti, ndipo mu November 2023 inatsitsidwanso ndi 44 peresenti. M'zaka zoterozo mitengo ya pafupifupi chilichonse imakwera, ndipo kaundula wolembedwa m'makwacha amakwera nayo ngakhale banja lisanapindule kanthu. Njira yapafupi yoyesera ndi kusankha chinthu chimodzi chomwe banja limachifuna, n'kumalemba mtengo wake pa tsiku lowerengeralo. Kwa banja lomwe likumanga, simenti ndi yoyenera. Ngati thumba linali K25,000 m'chaka choyamba, K12,400,000 inali yokwana matumba 496. Ngati chaka chachiwiri lafika pa K32,000, K15,100,000 ikukwana matumba pafupifupi 472. M'makwacha banjali lakwera ndi pafupifupi 22 peresenti, koma nyumba yawo yatalikira. Chimanga sichithandiza kwenikweni pa muyeso umenewu, chifukwa mtengo wake umadumphadumpha molingana ndi mvula ya chaka chimenecho.

Kuti kuyerekeza kukhale koona, njira yoikira mitengo isamasinthe. Ngati chaka chino puloti yaikidwa pa mtengo wotsika mwa iwiri yomwe inamveka, chaka chamawa zikhalenso choncho, ndipo pambali pa mzere uliwonse palembedwe komwe mtengowo wachokera: chikalata cha ku SACCO, buku la gulu la banki m'khonde, kapena msika umene anafunsako. Katundu akagulitsidwa, mzere wake usafufutidwe. Palembedwe ziro ndi mawu ochepa onena komwe ndalamazo zinapita. Kope lachikuto cholimba limakwanira ntchito yonseyi: mayina a katundu ndi ngongole kumanzere, ndipo chaka chilichonse chimatenga danga lake kumanja, kuti zaka zisanu kapena zisanu ndi chimodzi zizioneka pa tsamba limodzi. Kopelo limasungidwa pamodzi ndi mapepala a puloti, khadi ya njinga ndi zikalata za penshoni, pamalo omwe mwamuna ndi mkazi onse akuwadziwa.