Mpamba Ukachepa, Ntchito Yoyambira Ndi Iti?

Pa msonkhano wa bajeti, kaya ndi wa kampani yaikulu kaya wa kopaletivi ya alimi, ntchito zabwino zimachuluka kuposa ndalama. Wina akufuna chigayo, wina akufuna lole, ndipo aliyense ali ndi mapepala osonyeza kuti yakeyo ipindula. Akuluakulu anati ichi chakoma ichi chakoma pusi anagwa chagada. Pofuna kupewa kugwa kotereku, akatswiri a zachuma amagwiritsa ntchito mulingo wa phindu, umene m'mabuku amaulemba mwachidule kuti PI. Mulingowu umayankha funso limodzi: pa kwacha iliyonse imene tilowetse lero, tibweza zingati?

Ndalama ya mawa si ya lero

Tiyerekeze kuti kopaletivi ina ili ndi K100 miliyoni, ndipo banki yakana kuwonjezera ngongole. Imodzi mwa ntchito zimene akuganizira ndi chigayo cha K40 miliyoni, chimene akuyembekeza kuti chizisiya K25 miliyoni pa chaka kwa zaka zinayi, atachotsa kale zolipira magetsi, antchito, msonkho ndi kukonza zowonongeka.

Munthu wapuma anganene kuti chigayochi chibweretsa K100 miliyoni. Koma ndalama imene muilandire chaka chamawa ndi yochepa mphamvu poyerekeza ndi imene ili m'manja lero, chifukwa ya leroyo ikhoza kubala chiwongoladzanja. Choncho ndalama zam'tsogolo timazitsitsa kuti tipeze mtengo wake wa lero. Tinene kuti mpamba wa kopaletiviyi umaidyera 25 peresenti pa chaka. Ndalama ya chaka choyamba tiigawa ndi 1.25, ndipo K25 miliyoni isanduka K20 miliyoni. Ya chaka chachiwiri tiigawa kawiri, ikhala K16 miliyoni. Ya chaka chachitatu ikhala K12.8 miliyoni, ya chachinayi pafupifupi K10.2 miliyoni. Zonse pamodzi ndi K59 miliyoni.

Tsopano tigawa mtengo wa lerowu ndi ndalama zoyambira ntchito: 59 kugawa ndi 40, yankho ndi 1.48. Tanthauzo lake n'lakuti kwacha iliyonse yolowa m'chigayo ikubwerera, n'kubwera ndi matambala 48 pamwamba. Mulingo ukatsika pansi pa 1, ntchitoyo ikudya mpamba ndipo ndi yofunika kuitaya. Amene ali ndi kompyuta akhoza kulemba izi mu Excel:

```
=NPV(0.25,25,25,25,25)/40
```

Kuika ntchito pamzere

Msungichuma atawerengera ntchito zina zinayi mofananamo, wapeza izi. Nyumba yosungiramo mbewu ya K30 miliyoni ibweza K42 miliyoni pa mtengo wa lero, mulingo wake ndi 1.40. Mpope wa sola wothirira dimba, nawonso wa K30 miliyoni, ubweza K40 miliyoni, mulingo 1.33. Makina oyengera mafuta a mpendadzuwa a K50 miliyoni abweza K66 miliyoni, mulingo 1.32. Lole ya K100 miliyoni ibweza K130 miliyoni, mulingo 1.30.

Apa ndi pamene makomiti ambiri amaterereka. Pa ntchito zonse zisanu, lole ndiyo ili ndi phindu lalikulu payokha, K30 miliyoni, pamene chigayo chili ndi K19 miliyoni yokha. Koma loleyo ikumeza mpamba wonse. Tikatsata mulingo, kuyambira pamwamba kutsika m'munsi mpaka ndalama zithe, titenga chigayo, nyumba ya mbewu ndi mpope. Mtengo wake ndi K100 miliyoni ndendende, ndipo phindu lake ndi 19, 12 ndi 10, kuphatikiza K41 miliyoni. Mpamba womwewo wabala K11 miliyoni yoposa imene ikanachokera ku lole. Chifukwa chake n'chosavuta: chimene chikusowa pano ndi kwacha, ndiye ntchito iliyonse iyenera kuyezedwa ndi kuchuluka kwa zimene ikubala pa kwacha imene yadya.

Pamene mulingo umasocheretsa

Njirayi imayenda bwino ngati ntchito zosankhidwazo zikukwana mu bajeti popanda chotsala. Vuto lake linadziwika kale. James Lorie ndi Leonard Savage analilemba m'chaka cha 1955 pofotokoza za kugawa mpamba wochepa. Chigayo sungagule theka, ndipo lole sigulitsidwa mbali imodzi.

Tinene kuti mamembala ena alephera kusonkha, mpamba watsika kufika pa K90 miliyoni. Potsata mzere uja titenga chigayo ndi nyumba ya mbewu, tawononga K70 miliyoni, phindu K31 miliyoni. Yatsala K20 miliyoni, yosakwana mpope kapena china chilichonse. Koma tikatenga chigayo ndi makina a mafuta, tigwiritsa ntchito K90 miliyoni yonse, ndipo phindu likhala 19 kuphatikiza 16, K35 miliyoni. Makina amene anali achinayi pamzere apambana nyumba imene inali yachiwiri.

Chizindikiro cha vutoli ndi ndalama yotsala. Ndalama yongokhala, ngakhale itamapeza chiwongoladzanja chofanana ndi mtengo wa mpamba, mulingo wake ndi 1 basi, siwonjezera kanthu. Mukaona kuti yotsala ndi yambiri, siyani mzere, yesani magulu osiyanasiyana a ntchito amene akukwana mu bajeti, ndipo sankhani gulu limene phindu lake lonse ndi lalikulu.

Palinso ntchito zimene sizingachitike zonse pamodzi. Ngati chigayo ndi makina a mafuta akulimbirana shedi imodzi, kutenga chimodzi n'kutaya chinzake, ndipo mzere wa mulingo sudziwa zimenezo. Komanso mulingowu umaona bajeti ya chaka chimodzi chokha. Ntchito imene ikufunanso ndalama zambiri chaka chamawa ikhoza kuoneka yotsika mtengo lero, n'kudzatsamwitsa bajeti yotsatira.

Manambala olowa ndiwo mwini nkhani

Mulingo sungakhale woona kuposa manambala amene mwaupatsa. Magetsi akamazima pafupipafupi, chigayo chija n'kumasiya K20 miliyoni pa chaka m'malo mwa K25 miliyoni, mtengo wake wa lero utsika kufika pa K47 miliyoni, ndipo mulingo ugwa kuchoka pa 1.48 kufika pa 1.18. Chimene chinali patsogolo chapita kumapeto kwa mzere. N'chifukwa chake ndi bwino kuwerengera ntchito iliyonse kawiri, pa chaka chabwino ndi pa chaka chovuta, n'kuona ngati mzere ukusintha.

Mtengo woyambira nawonso umasuntha. Mu Novembala 2023 kwacha ya Malawi inachepetsedwa mphamvu ndi 44 peresenti, ndipo makina ogula kunja anakwera mtengo. Kalata ya mitengo yakale imakweza mulingo mwachinyengo. Mu ndalama zoyambiramo muikenso zonyamulira, zomangira makina, zolumikizira magetsi ndi zogulira katundu woyamba monga mpendadzuwa woyenga. Ndipo ngati peresenti yotsitsira ili ndi kukwera kwa mitengo mkati mwake, monga zilili ndi chiwongoladzanja cha banki, ndalama zoyembekezeka zam'tsogolo ziwerengedwenso pa mitengo imene idzakhalepo m'zaka zimenezo.

Inu amene muli m'komiti ya zachuma, musavomere ntchito chifukwa phindu lake lamveka lalikulu. Funsani mulingo wa ntchito iliyonse, funsani ndalama imene itsale yosagwira ntchito, kenako sankhani gulu la ntchito limene likubweretsa phindu lochuluka pa mpamba umene muli nawo.