Kugawa ndalama zoyendetsera fakitale: mlingo umodzi kapena kutsata ntchito

Pafakitale pali ndalama zina zomwe sizioneka mwachindunji pa katundu aliyense, monga za magetsi, zokonzetsera makina ndi malipiro a oyang'anira. Kuti mtengo wopangira chinthu udziwike, ndalamazi zimayenera kugawidwa. Njira yakale imatenga ndalama zonse n'kuzigawa ndi mlingo umodzi, kawirikawiri maola amene makina agwira. Njira ina, yomwe Robin Cooper ndi Robert Kaplan anaitchukitsa ku Amerika chakumapeto kwa zaka za m'ma 1980, imayamba yafunsa kuti ndi ntchito iti imene ikudya ndalamazo.

Mwachitsanzo, fakitale ina imapanga sopo wochapira 90,000 ndi sopo wonunkhira 10,000 pamwezi. Zoyendetsera zonse zimakwana K12,000,000, ndipo makina amagwira maola 1,000: wochapira 900, wonunkhira 100. Pamlingo umodzi ola lililonse ndi K12,000, choncho sopo aliyense, kaya wochapira kaya wonunkhira, amasenza K120.

Koma ndalamazo zikaunikidwa bwino, zimapezeka kuti theka lokha, K6,000,000, ndilo limapita poyendetsa makina. Theka linalo limathera posintha makina: kuwaimitsa, kutsuka fungo ndi utoto wakale, kuika zikombole zina, kuyesa sopo woyamba kutuluka. Wochapira amapangidwa wambiri nthawi imodzi, motero amafuna kusintha maulendo 5 okha pamwezi, pamene wonunkhira, poti ali ndi mafungo osiyanasiyana, amafuna maulendo 25. Kusintha kulikonse kumadya K200,000. Tsono wochapira amasenza K5,400,000 ya makina ndi K1,000,000 ya kusintha, zomwe ndi pafupifupi K71 pa sopo mmodzi. Wonunkhira amasenza K600,000 ndi K5,000,000, kutanthauza K560 pa sopo mmodzi.

Ndalama zonse zikadali K12,000,000. Chasintha ndi amene akuzisenza. Mlingo umodzi unkabisa zoti wochapira akulipirira mnzake. Vutoli limadziwika pamsika: opikisana nawo amagulitsa sopo wochapira motchipa modabwitsa koma osagwa, pamene wonunkhira, yemwe m'mabuku amaoneka wa phindu lalikulu, palibe amene amamulimbirana.

Njira yotsata ntchito ili ndi malire ake. Imafuna munthu wolemba ulendo uliwonse makina akasinthidwa, ndipo kulembako nakonso ndi ndalama. Ndalama zina, monga lendi ya nyumba ndi malipiro a bwana wamkulu, zilibe ntchito imodzi yozitsata, kotero kagawidwe kake kamakhalabe kongoyerekeza. Komanso kusiya kupanga sopo wonunkhira sikuchotsa K5,000,000 ija pokhapokha antchito osintha makina atapatsidwa zochita zina kapena kuchepetsedwa. Pamene katundu yense amapangidwa mofanana, kapena zoyendetsera zili zochepa poyerekeza ndi zipangizo ndi malipiro a opanga, mlingo umodzi umapereka yankho loyandikira popanda chintchito chonsecho.