Kamera ikukuyang'anani, nthawi ikutha: kulemba mayeso mtima uli m'malo

Munthu funso likamuvuta m'holo ya mayeso, amayang'ana kudenga, kugwira kukamwa, kapena kuliwerenganso monong'ona. Pa mayeso olembera kunyumba pa intaneti, zizolowezi zomwezi n'zimene zimaika munthu m'mavuto. Pa pulogalamu ya OnVUE, ya kampani ya Pearson VUE, woyang'anira amakuonani pa kamera ndi kukumvani pa maikolofoni. Kuyankhula nokha, kuphimba pakamwa kapena kuchoka pamaso pa kamera kumabweretsa chenjezo, ndipo mukapitiriza akhoza kukuimitsani mayeso. Choncho mufunika njira zina zokhazikitsira mtima pansi, zimene kamera singazikayikire.

Titenge mayeso a zamakompyuta a AWS Certified Cloud Practitioner. Ali ndi mafunso 65 ndipo amalembedwa kwa mphindi 90. Wotchi imawerenga chobwerera, ndipo amene amangoisuzumira pa funso lililonse amayamba kuwerenga mothamanga osamva zimene akuwerenga. Ndi bwino kupangana nayo musanayambe. Patulani mphindi 15 zobwereza, zotsala 75 muzigawe patatu. Wotchi ikamati kwatsala mphindi 65, mukhale cha pa funso 22. Ikamati 40, cha pa funso 44. Ikamati 15, mukhale mutafika kumapeto. Pakati pa malo amenewa wotchi isiyeni.

Nanga mukapeza kuti kwatsala mphindi 40 koma muli pa funso 36? Mafunso otsala ndi pafupifupi 30, ndiye kuti lililonse likhoza kudya mphindi yathunthu ndipo mudzatsalabe ndi mphindi 10. Zimene zachepa ndi nthawi yobwereza chabe. Funso likakana, sankhani yankho limene likuoneka loyandikira, liikeni chizindikiro choti mudzabwererenso, n'kupitirira. Pa mayesowa kulakwa sikuchotsetsa malikisi, pamene funso losayankhidwa limawerengedwa kuti mwalakwa. Komanso mafunso 15 mwa 65 aja sawerengedwa n'komwe. Eni mayeso amangowayesa, ndipo sanena kuti ndi ati. Funso lachilendo limene lakuimitsani mutu likhoza kukhala limodzi mwa amenewo.

Mukaona kuti mwawerenga chiganizo chimodzi katatu osatolapo kanthu, dziwani kuti mantha alowa. Maso akhalebe pa kompyuta, manja pa tebulo. Kokani mpweya ndi mphuno kwa masekondi 4, n'kuutulutsa pang'onopang'ono kwa masekondi 6. Kutulutsa mpweya motalika kumachepetsa kuthamanga kwa mtima, ndipo kuchita zimenezi katatu kumangodya theka la mphindi.

Uthenga wa woyang'anira ukatulukira, sikuti mwalephera. Kawirikawiri amangofuna kuti mukhale bwino kapena muchotse dzanja kumaso. Chitani zimene wanena, muyankheni mwachidule, mupitirize.

Mantha ena amathera m'kukonzekera. Yeseranitu kompyuta ndi intaneti m'chipinda chimene mudzalemberamo, tchajani laputopu kuopa kuthima kwa magetsi, ndipo auzeni apabanja kuti asalowe. Kalembera amatsegulidwa kutatsala mphindi 30, ndipo mumajambula chiphaso chanu ndi chipinda. Yambani nthawi yomweyo, kuti vuto la chithunzi lisakupezeni nthawi itatha kale.