Chifukwa chake mtengo wa masheya umatsika kampani ikagulitsa atsopano

Mu 2014, kampani ya ZCCM-IH inapatsa eni masheya ake ufulu wogula masheya atsopano pamsika wa LuSE. Masheya otere akakhala otchipa, mtengo wa akale umatsika.

Tiyerekeze kuti mayi wa ku Matero ali ndi masheya 4 a K10 iliyonse, ndipo aloledwa kugula imodzi yatsopano pa K5. Asanuwo pamodzi akwana K45, choncho sheya iliyonse iyenera kukhala K9, ngakhale msika ungasinthe mtengowu.

Ufulu wogulawo mtengo wake ndi K4, kusiyana kwa K9 ndi K5, kapena K1 pa sheya yakale iliyonse.

Mayiyu akapanda kugula kapena kugulitsa ufuluwo nthawi isanathe, masheya ake atsala a K36, ndipo wataya K4.