Boma limodzi, mayina anayi: kupeta mayina musanawonkhetse

Tiyerekeze kuti gulu lina logula mpunga lili ndi makalaliki atatu, ndipo aliyense amalemba mu Excel boma limene wagulako ndi matumba amene wapeza. Kumapeto kwa mwezi, mlembi wa gululo akuphatikiza zonse pa tsamba limodzi, mayina a maboma mu kolamu A, matumba mu kolamu B, kenako akupanga PivotTable, chida chimene chimasonkhanitsa mizere ya dzina limodzi n'kuwonkhetsa manambala ake. Zotsatira zikuti Karonga 90, Nkhotakota 50. Abwana akuwerenga, akugwedeza mutu, akuti lole ipite ku Karonga.

Koma ku Nkhotakota anagulako matumba 120. Ena 70 sanabedwe, ali pa tsamba lomwelo, angobisala m'mayina ena.

Mizere ya bomali inali isanu. Woyamba analemba bwinobwino kuti "Nkhotakota", matumba 40. Wachiwiri analemba chimodzimodzi koma chala chinagunda batani la mpata atamaliza, matumba 25. Wachitatu analemba "NKHOTAKOTA", matumba 10. Wachinayi analemba "Nkhota  kota" ndi mipata iwiri pakati, matumba 30. Wachisanu anangoti "KK" monga pa nambala ya galimoto, matumba 15. Munthu akawerenga amadziwa kuti onsewa akunena malo amodzi. Kompyuta siidziwa Nkhotakota, imangoyerekeza chilembo ndi chilembo, ndipo mpata nawo imauwerenga ngati chilembo. Choncho yatulutsa maboma anayi: 50, 25, 30 ndi 15. Chonyenga kwambiri n'chakuti chiwonkhetso cha pansi chimakhala cholondola ndithu, moti wofufuza amene amangoyang'ana pamenepo sapeza cholakwa.

Mpata ndiwo uyenera kuyamba, chifukwa maso sauona. Mukaona dzina limodzi latuluka kawiri m'zotsatira, lolembedwa mofanana ndendende, dziwani kuti limodzi lanyamula mpata. Kuti mutsimikize, werengetsani zilembo:

```
=LEN(A2)
```

Nkhotakota ili ndi zilembo 10. Pakatuluka 11, ndiye kuti pali mlendo wosaoneka. Mankhwala ake ndi TRIM, imene imachotsa mipata ya kumayambiriro ndi kumapeto, ndipo ikapeza mipata iwiri kapena itatu pakati pa mawu imasiyapo umodzi wokha. Koma pali mpata wina wamakani. Zolemba zokoperedwa pa intaneti kapena mu imelo nthawi zina zimabwera ndi mpata wa nambala 160, pamene TRIM imangodziwa wa nambala 32, umene timalemba ndi batani lalitali lija. Mungathe kuipaka TRIM kakhumi, LEN n'kumanenabe kuti 11. Ndiye muyambe mwasandutsa wamakaniwo kukhala mpata wamba, mu kolamu C:

```
=TRIM(SUBSTITUTE(A2,CHAR(160)," "))
```

Pa makompyuta ena pamene pali "," pamafunika ";". Onaninso kuti talemba mu kolamu yatsopano. Kolamu A musaikhudze, chifukwa tsiku lina mudzafuna kuona chimene kalaliki analemba ndi manja ake. Apa Nkhotakota yakwera kufika pa 75.

Za zilembo zazikulu ndi zazing'ono, wina angafunse kuti tivutikiranji, poti PivotTable yaphatikiza kale 40 ndi 10 popanda kuuzidwa. N'zoona, PivotTable ndi SUMIF sizisiyanitsa "NKHOTAKOTA" ndi "Nkhotakota". Koma tsamba lomweli mukalitsegula mu Power Query kapena mu pandas ya Python, awiriwa amasanduka magulu awiri, ndipo inu ndi mnzanu mudzakangana pa manambala ochokera m'fayilo imodzi. Mu kolamu D lembani:

```
=PROPER(C2)
```

PROPER imakuza chilembo choyamba cha mawu aliwonse n'kuchepetsa zotsalazo. Ili ndi khalidwe limodzi lotipweteka ife olemba Chichewa: imakuza chilembo chilichonse chotsatira chizindikiro chimene si chilembo, kuphatikizapo nkhodolero. Dzina la khonsolo ya ku Mzimba, M'mbelwa, limatuluka "M'Mbelwa", ndipo mudzi uliwonse wokhala ndi ng' m'dzina lake umavulala chimodzimodzi. "KK" nayo imasanduka "Kk". Kuwonkhetsa sikusokonekera, popeza mizere yonse yavulala mofanana, koma musasindikize lipoti ndi mayina otere.

Tatsala ndi "Nkhota Kota" ndi "Kk", ndipo apa palibe fomula yodziwa dziko la Malawi. Ntchitoyi ndi ya munthu. Tsegulani tsamba lina, mulitche Mayina. Mu kolamu A lembani kalembedwe kalikonse kamene mwakapeza mu kolamu D, ndipo mu kolamu B lembani dzina limodzi limene mwagwirizana. "Nkhota Kota" aloze ku Nkhotakota, "Kk" aloze ku Nkhotakota, ndipo "Nkhotakota" weniweniyo adzilozenso yekha, apo ayi sapezeka. Kenako mu kolamu E ya tsamba loyamba:

```
=VLOOKUP(D2,Mayina!A:B,2,FALSE)
```

FALSE wa kumapetoyo musamuiwale. Akasowa, Excel imakupatsani dzina loyandikira m'malo mwa lenileni, ndipo mpunga wa boma lina umasamukira kwa eni ena mwakachetechete. Akakhalapo, dzina lililonse limene simunalilembe pa tsamba la Mayina limatulutsa #N/A. Ambiri amadana nacho chizindikirochi n'kuchibisa ndi IFERROR. Ine ndimati chisiyeni chizikuwa, chifukwa ndicho chokha chimene chikukuuzani kuti pali dzina lachilendo.

Ndipo mayina achilendo kwathu kuno sasowa. Alipo olemba Chikwawa, alipo olemba Chikhwawa. Nkhata Bay imabwera ndi mpata, popanda mpata, kapenanso ndi kamzere pakati. M'mabuku akale mupeza Cholo, Mlanje ndi Ncheu, ndipo mukabwerera m'mbuyo kwambiri mupeza Fort Johnston m'malo mwa Mangochi ndi Port Herald m'malo mwa Nsanje. Amenewa savuta, popeza lililonse lili ndi mwini mmodzi.

Ovuta ndi a mitundu iwiri. Woyamba ndi chidule chokhala ndi eni awiri. Kalaliki akalemba "Nk", kodi ndi Nkhotakota kapena Nkhata Bay? Musalote. Yang'anani dzina la msika kapena la wogula pa mzere womwewo, kapena muimbireni foni. Zikakanika, lembani "Losadziwika" kuti matumba ake aonekere paokha, chifukwa mukalota molakwa palibe adzazindikire. Wachiwiri ndi wolemba tawuni pofunsidwa boma. "Dwangwa" si kulakwitsa kalembedwe, ndi malo enieni a m'boma la Nkhotakota, monga Limbe ili mu Blantyre ndi Mzuzu mu Mzimba. Ngati mukuwonkhetsa potengera maboma, Dwangwa aloze ku Nkhotakota. Koma Mzuzu ndi mzinda wokhala ndi khonsolo yakeyake, ndipo malipoti ambiri amauika paokha, ndiye gwirizanani kaye ndi amene adzawerenge lipotilo, ndipo chimene mwagwirizanacho muchilembe pambali pa dzinalo.

Tsopano pangani PivotTable pa kolamu E, osati A. Werengani mayina amene atuluka: Malawi ili ndi maboma 28, ndiye mukaona 34 pa lipoti la maboma, ntchito sinathe. Onaninso kuti chiwonkhetso cha matumba n'chimodzimodzi ndi cha poyamba, chifukwa kukonza mayina kumasuntha matumba koma sikuwonjezera kapena kuchotsa ngakhale limodzi. Pa tsamba lathu lija, Karonga idakali pa 90, Nkhotakota yafika pa 120, ndipo onse pamodzi ndi 210 monga kale.

Mwezi wamawa makalaliki asadzalembenso dzina la boma ndi manja. Pa Data Validation sankhani List, muwapatse mndandanda wa maboma kuti azingodina. Tsamba la Mayina lisungeni, popeza mafayilo ochokera kwa anthu ena adzabwerabe ndi "KK" wawo.