Nkhope ndi ya pulezidenti, khosi ndi la wina: zomwe ndimauza ophunzira a kusekondale

Pa 16 Malichi 2022, nkhondo ya Russia ndi Ukraine isanathe ndi mwezi womwe, pa intaneti panatuluka kanema wa mphindi imodzi ndi timasekondi. M'kanemayo pulezidenti wa Ukraine, Volodymyr Zelensky, ankauza asilikali ake kuti atule zida pansi n'kubwerera kwawo. Akuba a pa intaneti anathyola tsamba la wailesi ya kanema ya Ukraine 24 n'kuikapo uthenga womwewo. Koma Zelensky sanayankhulepo mawu amenewo. Tsiku lomwelo anajambula kanema wake wotsutsa, ndipo Facebook ndi YouTube anachotsa wabodzayo.

Ndikapatsidwa mpata woyankhula ndi ophunzira a Fomu 3 ndi Fomu 4, ndimayambira pa kanema ameneyu chifukwa anapangidwa mwaulesi, moti zolakwika zake zimaoneka ngakhale pafoni yosweka galasi. Mutu ndi waukulu poyerekeza ndi thupi. Khungu la kumaso n'losiyana mtundu ndi la pakhosi. Mapewa ndi manja zangoti duu ngati chithunzi cha pachitupa, pakamwa pokha n'pomwe pakugwira ntchito. Kuti mumvetse chifukwa chake zolakwika zimagwera malo amenewa, muyenera kudziwa kaye momwe nkhope imabedwera.

Makanema otere amatchedwa dipifeki. Dzinali linachokera kwa munthu wina yemwe mu 2017 ankadzitcha `deepfakes` pa Reddit, n'kumaika nkhope za azimayi otchuka a m'mafilimu pa makanema olaula. Ganizirani zimenezo: luso limeneli linatchuka koyamba ponyazitsa azimayi.

Njira yake ndimaifotokoza chonchi. Tinene kuti mnzanu wa ku hositelo akufuna kuti ahedi aoneke akulengeza kuti mayeso alephereka. Amasonkhanitsa zithunzi zambirimbiri za nkhope ya ahedi, akuseka, atakwiya, akuyang'ana kumbali. Amasonkhanitsanso zake. Kanema ndi zithunzi zongotsatizana, kawirikawiri 30 pa sekondi imodzi, ndiye kanema wa mphindi imodzi yekha amam'patsa zithunzi 1,800. Pulogalamu imadula nkhope pachithunzi chilichonse n'kuziwongola kuti maso ndi mphuno zikhale pamalo ofanana.

Tsopano mu pulogalamumo muli ngati antchito atatu. Woyamba ndi mlembi. Iye akaona nkhope salemba kuti ndi ya ndani, amangolemba zomwe ikuchita: mutu wapendekera kumanzere, pakamwa patseguka pang'ono, kuwala kukuchokera kumanja. Awiri enawo ndi ojambula. Wina anaphunzira kujambula nkhope ya ahedi yokha, winayo ya mnzanu yokha, ndipo onse amajambula potsatira zomwe mlembi walemba. Poyamba amatulutsa phala lokhalokha. Kompyuta imayerekeza zomwe ajambula ndi chithunzi chenicheni, n'kuwakonza, n'kubwerezanso, kwa maola ngakhale masiku, mpaka nkhope ifanane.

Chinyengo chili pa sitepe yomaliza. Mnzanu uja amadzijambula akuyankhula, mlembi n'kulemba zomwe nkhope yake ikuchita, koma zolembazo amazipereka kwa wojambula wa ahedi. Amatuluka ndi ahedi akuchita ndendende zomwe mnzanu amachita. Nkhope yatsopanoyo amaimata pamutu pa mnzanu ngati chigamba, kuyambira pachipumi kufika pachibwano, n'kusalaza m'mphepete kuti mtundu ugwirizane. Mawu ndi ntchito ina yapadera: amapeza munthu wodziwa kutsanzira, kapena pulogalamu ina yotengera mawu. Masiku ano kuli timapulogalamu ta pafoni tomwe tinaphunzitsidwa kale pa nkhope za anthu ambirimbiri, moti timangofuna chithunzi chimodzi basi. Cha pa WhatsApp chija chimakwana.

Chigamba chimadziwika ndi msoko. N'chifukwa chake ndimawauza ophunzira kuti asiye kuyang'ana pakati pa nkhope, poti m'pomwe pulogalamu imachita bwino. Yang'anani pomwe chipumi chakumana ndi tsitsi, pomwe chibwano chakumana ndi khosi, ndi pafupi ndi makutu. Makutu, khosi ndi manja nthawi zambiri zimakhala za munthu wobisalayo. Onaninso zomwe zimachitika dzanja kapena maikolofoni ikadutsa kumaso, kapena munthuyo akatembenukira kumbali kwenikweni. Pamenepo nkhope imatha kunjenjemera kapena kusungunuka kwa kanthawi, chifukwa zithunzi za anthu atatembenukira kumbali ndi zochepa ndipo wojambula uja sanaziphunzire mokwanira.

Nthawi zonse pamapezeka wina wokweza mkono kuti, "Koma sala, ndinamva kuti a dipifeki saphethira." Zinali zoona mu 2018, pomwe akatswiri a pa yunivesite ya Albany ku America anaonetsa zimenezo. Chifukwa chake chinali chosavuta: anthu saika pa intaneti zithunzi atatsinzina, ndiye pulogalamu inalibe pophunzirira. Opanga makanemawa atangomva, anawonjezera zithunzi za maso otseka, nkhani n'kuthera pomwepo. Chizindikiro chilichonse chomwe ndatchula pamwambapa chikhoza kutha ntchito mwanjira yomweyo. Komanso kanema akadutsa m'magulu a WhatsApp amafinyidwa kuti asadye bandulo, ndipo kufinyako kumafufuta msoko. Kanema weniweni nayenso amafika wosaoneka bwino, ndiye maso okha angakupusitseni mbali zonse ziwiri.

Umboni wake ndi zomwe zinachitika ku Hong Kong kumayambiriro kwa 2024. Wantchito wa kampani ya zomangamanga ya Arup analandira uthenga woti atumize ndalama mwachinsinsi. Anakayika, monga munthu wanzeru. Kenako anamuitanira kumsonkhano wa pavidiyo komwe anaona mkulu woona zachuma ndi anzake ena omwe amawadziwa. Mtima unakhala pansi, ndipo anatumiza pafupifupi madola 25 miliyoni a ku America m'maulendo 15. Onse omwe anawaona pamsonkhanopo anali abodza. Zinaululika atafunsa ku likulu la kampaniyo, ndalama zitapita kale.

Kwa ine phunziro lalikulu lili pa kufunsako, osati pa kuyang'anitsitsa. Achimwene a ku Joni akakuimbirani pavidiyo ndi nambala yachilendo kuti mutumize ndalama pa Mpamba kapena Airtel Money pompano, dulani, muimbe nokha pa nambala yomwe mumaidziwa kale. Afunseni chinthu cha kunyumba chomwe sichili pa Facebook. Akakhala kanema wa munthu wotchuka, funsani kuti anayamba kuika ndani. WhatsApp ikalemba kuti `Forwarded many times` n'kutheka kuti wokutumiziraniyo sadziwa gwero lake. Jambulani sikirinishoti muifufuze ndi Google Lens, nthawi zina mumapeza kanema woyambirira yemwe anabedwa. Ndipo mtsogoleri wa dziko akanenadi nkhani yaikulu, singakhale pa gulu la kalasi yanu lokha mawailesi onse ali chete.

Gawo lomwe holo imakhala zii ndi la atsikana. Chithunzi cha mtsikana ali mu yunifomu chikhoza kumatidwa pathupi la munthu wamaliseche, wina n'kumamuopseza kuti apereke ndalama kapena agone naye, apo ayi achimwaza. Zikakuchitikirani musalipire, chifukwa wolipidwa kamodzi amabweranso. Musafufute mauthenga oopsezawo. Sungani nambala yake ndi masikirinishoti a zomwe walemba, muuze kholo kapena mphunzitsi yemwe mumamukhulupirira, mupite kupolisi ku ofesi yothandiza ozunzidwa, kapena muimbe 116, nambala yaulere yothandiza ana. Malawi ili ndi lamulo la 2016 la milandu ya pa intaneti lomwe limaletsa kuzunza munthu kudzera pafoni komanso kufalitsa zolaula za ana. Anyamata ndimawauza mosabisa kuti lamulolo silikhudza wopanga chithunzi yekha, wotumiza ku gulu nayenso ali ndi mlandu woyankha.