Kalata yopempha ntchito yopepuka mtsempha wa dzanja ukavulala

Munthu wonyamula matumba a feteleza mtsempha wa pamfundo ya dzanja ukamutupira, achipatala amamumanga chogwiriziza ndi kumuuza kuti apumitse dzanjalo, nthawi zambiri masabata 4 mpaka 6. Akapitiriza kunyamula, ululu umakula mpaka kulephera kufinya nsalu yochapa.

Ambiri amangolemba kuti akudwala, bwana awaganizire. Kalata yotere ndi yofooka, chifukwa bwana sadziwa chochita nayo. Yabwino imatchula tsiku lovulala, zimene dokotala waletsa, ndi ntchito imene dzanja lingathe. Mwachitsanzo: "Bwana, ndinavulala dzanja lamanja ndikutsitsa katundu. Adokotala andiletsa kunyamula zolemera kwa masabata 6. Ndikupempha kuti mundiike powerenga matumba otuluka kufikira tsiku limene adzandionenso."

Chikalata cha dokotala chikhale ndi chidindo, tsiku ndi kutalika kwa nthawi yopuma. Perekani fotokope, chenichenicho musunge, ndipo wolandira asaine pa kalata yanu yotsala. Ngati munavulalira pantchito, lembani zimenezo momveka, pakuti nkhani ya chipepeso ikadzabuka umboni woyamba udzakhala kalatayi.